Kiyi mmodzi kapena makiyi awiri: fayilo yachinsinsi ichoke bwanji ku Mzuzu kupita ku Chitipa?

Tiyerekeze kuti ndinu msungichuma wa kabungwe kothandiza alimi, ofesi yanu ili ku Katoto, ndipo mwezi wafika kumapeto. M'kompyuta muli fayilo ya malipiro: mayina a anthu, manambala a ziphaso zawo za unzika, manambala a foni omwe amalandirirapo ndalama, ndi ngongole yomwe aliyense wadulidwa. Fayiloyi ikufunika ifike lero kwa mlangizi wanu ku Chitipa. Kuinyamula pamanja mwezi ndi mwezi kudzera ku Chiweta ndi ku Karonga n'kosatheka, ndiye iyenda pa intaneti basi. Muitseka bwanji kuti woitola panjira asawerengemo kanthu?

Njira zotsekera uthenga zilipo ziwiri. Yoyamba ndi ya kiyi mmodzi, yomwe akatswiri amati simetiriki: kiyi wotsekera ndi yemweyo wotsegulira. Yachiwiri ndi ya makiyi awiri, asimetiriki: wina amatseka, wina amatsegula, ndipo wotsekerayo sangatsegule chomwe watseka. Anthu amakonda kufunsa kuti yolimba ndi iti. Funso limenelo silithandiza kwenikweni, chifukwa zonse ziwiri zikagwiritsidwa ntchito bwino, palibe kathyali wa m'tauni muno angazithyole. Chinsinsi chimaululika pa nkhani ya kiyi: wayenda bwanji, ali m'manja mwa ndani, ndipo mwadziwa bwanji kuti ndi wa munthu amene mukumuganizirayo. Pamenepo m'pamene njira ziwirizi zimasiyana, ndipo iliyonse ili ndi pake pomwe imagwera.

Njira ya kiyi mmodzi

Imeneyi ambiri munaigwiritsapo ntchito osadziwa dzina lake. Mukaika pasiwedi pa fayilo, pulogalamu imasandutsa pasiwediyo kukhala kiyi, kenako kiyiyo amasokoneza zonse za m'fayilomo mpaka kuoneka ngati zilembo zongomwazikana. Masamu omwe amachita zimenezi masiku ano, pafupifupi paliponse, ndi a AES. Anawakonza ndi akatswiri awiri a ku Belgium, Joan Daemen ndi Vincent Rijmen, ndipo bungwe la NIST la ku America linawavomereza mu 2001. Kiyi wake amakhala wa mabiti 128, 192 kapena 256, ndipo biti ndi kamalo kamodzi m'kiyimo komwe kamakhala 0 kapena 1.

Kutalika kwa kiyi si nkhani yamasewera. AES isanabwere kunali DES, ya kiyi wa mabiti 56 okha, ndipo mu 1998 bungwe la Electronic Frontier Foundation linapanga makina omwe anapeza kiyi wake m'maola 56 pongoyesa makiyi mmodzimmodzi. Biti iliyonse yowonjezera imachulukitsa ntchito yoyesayo kawiri. Makiyi otheka a mabiti 128 ndi ochuluka moti nambala yake ili ndi manambala 39 poilemba. Palibe amene angawayese onse, ngakhale atasonkhanitsa makompyuta a dziko lonse lapansi.

Ubwino wina ndi liwiro. Makompyuta ndi mafoni ambiri a masiku ano ali ndi kagawo kopangidwira AES m'kati mwa pulosesa momwe, choncho fayilo ya malipiro imatsekedwa musanaphethire, ndipo vidiyo yaikulu nayonso sivuta.

Kwa inu a ku Katoto, njirayi ndi yapafupi. Mu Excel pitani pa File, Info, Protect Workbook, n'kusankha Encrypt with Password. Samalani apa, chifukwa pali chinthu china chotchedwa Protect Sheet chomwe ambiri amasokoneza nacho. Chimenecho chimangoletsa munthu kusintha zolembedwa, sichibisa kanthu, ndipo wodziwa amachichotsa mosavuta. Ngati mafayilo ndi angapo, pulogalamu yaulere ya 7-Zip imawamanga pamodzi n'kuwatseka ndi AES-256:

```
7z a -p -mhe=on malipiro.7z malipiro.xlsx
```

Kachidutswa ka `-mhe=on` kamabisanso mayina a mafayilo a m'katimo. Mukasankha mtundu wa zip m'malo mwa 7z, onetsetsani kuti pa Encryption method palembedwa AES-256, osati ZipCrypto, yomwe ndi yakale ndiponso yofooka.

Mwatseka. Tsopano mlangizi wa ku Chitipa adziwa bwanji pasiwedi?

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Chomwe chimachitika m'maofesi ambiri n'chakuti fayilo imapita pa imelo, ndipo patangotha mphindi imodzi imelo yachiwiri imatsatira: "Pasiwedi ndi iyi, bwana." Amene walowa mu imelo ya mlangiziyo, kaya chifukwa anaisiya yotsegula pa kompyuta ya pamalo osindikizira mapepala, wapeza fayilo ndi kiyi wake zitagundizana. AES sinalakwe chilichonse. Pasiwedi iyenera kudzera njira ina yosiyana ndi ya fayilo, ndipo yabwino koposa ndi kuuzana pamaso, mwina pomwe alangizi onse abwera ku Mzuzu kumsonkhano. Kuimbirana foni kuli bwino kuposa kulemba mu imelo yomweyo, kungoti meseji wamba ndi foni wamba sizitsekedwa kuchokera kwa inu mpaka kwa mnzanuyo, zimadutsa m'makina a kampani ya netiweki zili zowerengeka.

Vuto lachiwiri ndi pasiwedi yeniyeniyo. Kiyi wa mabiti 256 wochokera ku pasiwedi yakuti Chitipa2025 ndi wofooka mofanana ndi pasiwediyo. Woba fayilo sayesa makiyi onse, amayesa mapasiwedi omwe anthu amakonda: dzina la boma, la bungwe, la timu ya mpira, la mwana, kutsogolo kwake n'kuikako chaka. Ndipo popeza fayilo ili pa kompyuta yake, palibe chomuletsa atalephera katatu ngati pa makina a kubanki. Ayesa usiku wonse. Manambala anayi amapereka mapasiwedi 10,000 okha. Zilembo zing'onozing'ono zisanu ndi zitatu zimapereka pafupifupi mabiliyoni 209, zomwe zimamveka zambiri kwa ife koma osati kwa makina. Chothandiza ndi kutalika: mawu asanu kapena asanu ndi limodzi osagwirizana, osankhidwa mwachisawawa, osati mwambi kapena vesi lomwe aliyense amalidziwa. Mukaiwala, dziwani kuti palibe ofesi yokadandaulako. Fayilo yapita.

Vuto lachitatu limabwera anthu akachuluka. Ngati alangizi onse, wa ku Chitipa, wa ku Rumphi, wa ku Nkhata Bay ndi wa ku Mzimba, ali ndi pasiwedi imodzi, aliyense angatsegule za mnzake, ndipo mmodzi akachotsedwa ntchito muyenera kusintha pasiwedi kwa onse. Mafayilo akale omwe anasunga pa fulashi adzawatsegulabe mpaka kalekale. Mukati anthu awiri aliwonse akhale ndi kiyi wawowawo, chiwerengero chimakwera msanga: anthu 12 akufunika makiyi 66, anthu 30 akufunika 435. Aliyense mwa makiyi amenewo ayenera kuperekedwa mobisa. Ndani angakwanitse?

Njira ya makiyi awiri

Kwa zaka mazanamazana vuto lopatsana kiyi linkaoneka losathetseka. Linasweka mu 1976, pomwe Whitfield Diffie ndi Martin Hellman anasonyeza kuti anthu awiri angathe kugwirizana chinsinsi akuyankhulana poyera. Chaka chotsatira Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman a ku yunivesite ya MIT ku America anatulukira RSA, njira ya makiyi awiri yotchedwa ndi zilembo zoyamba za mayina awo. Kenako zinadziwika mu 1997 kuti akatswiri a bungwe la boma la Britain la GCHQ anali atafikapo kale pa nzeruyi chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, koma sanaloledwe kuuza munthu.

Ganizirani loko wa pa geti, uja amangotsekeka mukamukanikiza. Mlangizi wa ku Chitipa akukutumizirani loko wosatseka, kiyi wake n'kutsala naye m'thumba. Inu mukuika chikalata m'bokosi, mukukanikiza loko, bokosi n'kupita. Kondakitala wa basi angamuone lokoyo, angamugwire, koma sangatsegule naye kanthu. Inunso mukangokanikiza simungatsegule. Loko ameneyo ndiye kiyi wapoyera, woti mungamuike ngakhale pa chikwangwani, ndipo wa m'thumbayo ndiye kiyi wachinsinsi, yemwe sachoka pa foni kapena pa kompyuta ya mwini wake.

Zimatheka chifukwa pali masamu osavuta kupita kutsogolo koma ovuta kubwerera. Kuchulukitsa 83 ndi 97 mwana wa Sitandade 6 achita, apeza 8,051. Koma mupatseni 8,051 kuti apeze manambala awiri omwe anabala imeneyi, atuluka thukuta. RSA yatsamira pamenepo, kungoti nambala yake ya mabiti 2048 ili ndi manambala 617 poilemba. Yaikulu kwambiri ya mtundu umenewu yomwe akatswiri analengeza kuti aiphwanya, mu 2020, inali ya manambala 250.

Njira ya Diffie ndi Hellman ndiyo yofunika kuimvetsa bwino, chifukwa ndi imene ili m'foni mwanu. Tiyeni tiiyese ndi manambala aang'ono. Inu ndi mlangizi mukugwirizana poyera, aliyense akumva, manambala awiri: 29 ndi 2. Kenako inu mukusankha nambala yanu yamumtima, tinene 5, iye akusankha yake, tinene 8. Aliyense akutenga 2, akumuchulukitsa yekhayekha kangapo molingana ndi nambala yake yamumtima, akugawa ndi 29, n'kutumiza chotsala chokha.

```
inu:       2^5 = 32     32 mod 29 = 3
mlangizi:  2^8 = 256    256 mod 29 = 24
```

Inu mwatumiza 3, iye watumiza 24. Tsopano aliyense akutenga chomwe walandira n'kuchita nacho zomwezo pogwiritsa ntchito nambala yake yamumtima ija.

```
inu:       24^5 = 7962624    7962624 mod 29 = 7
mlangizi:  3^8  = 6561       6561 mod 29 = 7
```

Nonse mwafika pa 7, pomwe 7 sanayende pa waya. Womvetsera panjira wamva 29, 2, 3 ndi 24. Kuti apeze 7 akufunika kudziwa 5 kapena 8, ndipo ndi manambala aang'ono chonchi angayeseyese n'kupeza asanamalize kapu ya tiyi. Koma manambala akakhala a mabiti masauzande, njira yachidule yobwerera m'mbuyo palibe amene anaipeza. Mapulogalamu a m'foni amachita zofananazo ndi masamu ena otchedwa Curve25519, omwe anakonza Daniel Bernstein, ndipo kiyi wake wa mabiti pafupifupi 256 ndi wolimba ngati wa RSA wa mabiti 3072, kapena wa AES wa mabiti 128. Choncho mukaona 2048 pambali pa 256 musathamangire kunena kuti wamkuluyo ndiye wolimba. Manambala a njira ziwirizi sayezedwa pa sikelo imodzi.

Taonani zomwe zatha. Pasiwedi yoti muuzane palibe. Anthu 30 akufunika makiyi awiriawiri aliyense basi, osati 435 aja. Mlangizi akasiya ntchito, mungosiya kutsekera mafayilo ku kiyi wake, ena onse osasintha kanthu.

Koma njirayi payokha sinyamula katundu. Ndi yochedwa kwambiri poyerekeza ndi AES, ndipo RSA ya mabiti 2048, ikakonzedwa mwa masiku ano, imatseka mabayiti 190 okha nthawi imodzi. Ndi kameseji kamodzi kafupi, osati fayilo ya malipiro. N'chifukwa chake palibe pulogalamu yanzeru yomwe imatseka fayilo yonse ndi makiyi awiri. Chomwe imachita ndi kupanga kiyi mmodzi watsopano mwachisawawa, kutseka fayilo ndi AES, kenako kutseka kakiyi kameneko ndi kiyi wapoyera wa wolandira. Onaninso chitsanzo chathu chija: 7 amene tinapeza si uthenga, ndi kiyi mmodzi wogawana. Ntchito ya makiyi awiri yathera pomwepo, yotsalayo ndi ya AES.

PGP, pulogalamu yotsekera mauthenga yomwe Phil Zimmermann anatulutsa mu 1991, imayenda choncho, ndipo GnuPG ndi pulogalamu yaulere yochita zomwezo. Mlangizi akapanga makiyi ake n'kukutumizirani wapoyera, inu mulemba:

```
gpg --encrypt --sign --recipient mlangizi@example.org malipiro.xlsx
```

Pali zinthu ziwiri zomwe zimapunthwitsa oyamba kumene. China n'chakuti fayilo yotulukayo inuyo simungaitsegule, pokhapokha mutadziikanso pa mndandanda wa olandira. China ndi `--sign`. Popeza kiyi wapoyera ali ndi aliyense, aliyense angatseke fayilo n'kunena kuti yachokera ku Katoto. Kutseka sikusonyeza mwini uthenga. Chomwe chimasonyeza ndi siginecha, yomwe imapangidwa ndi kiyi wanu wachinsinsi ndipo imatsimikizidwa ndi wanu wapoyera. Wina akasintha nambala imodzi ya foni m'fayilomo, siginecha ikana. Njira ya kiyi mmodzi ilibe zimenezi: pagulu lomwe onse ali ndi pasiwedi imodzi, simungasonyeze kuti fayilo anaikonza ndani.

Pomwe makiyi awiri amagwera

Loko wosatseka wafika pa basi, atalembedwa kuti wachokera ku Chitipa. Mwadziwa bwanji kuti ndi wa mlangizi?

Ngati wina ali pakati panu, angachotse kiyi wapoyera wa mlangizi n'kuikapo wake. Inu mutsekera fayilo kwa iye osadziwa, iye atsegula, awerenga, asintha zomwe akufuna, atsekanso ndi kiyi weniweni wa mlangizi n'kupititsa. M'chitsanzo cha manambala chija, wapakatiyo amangosankha nambala yake yamumtima, n'kupangana kiyi wina ndi inu, winanso ndi mlangizi. Mbali zonse ziwiri zikuona zinthu zikuyenda bwino, masamu sanathyoledwe pena paliponse. Ndiye kuti vuto lopatsana kiyi silinathe, langosintha nkhope. Kale munkafunika njira yobisika. Tsopano mukufunika njira yodalirika, yoti ngakhale ena amve, palibe angasinthe zomwe zanenedwa. Yachiwiriyi ndi yosavuta kupeza, koma iyenera kupezedwa ndithu.

Mankhwala ake ndi kufananitsa chidindo cha kiyi. Mu GnuPG, `gpg --fingerprint` imaonetsa zilembo ndi manambala, kawirikawiri 40. Mlangizi awerenge zake mokweza pa foni, inu mukumva mawu ake omwe mumawadziwa, mukuyang'ana zomwe zili pa kompyuta yanu. Zikasiyana pa chilembo chimodzi, kiyiyo si wake. Kutumizirana chidindocho pa imelo yomwe munalandirira kiyi n'kungodzinamiza, chifukwa wosintha kiyi asinthanso chidindo.

Njira yachitatu, yomwe ili kale m'thumba mwanu

Kunena zoona, alangizi ambiri sadzaika GnuPG pa laputopu, ndipo sindingawadzudzule. Chomwe ali nacho ndi WhatsApp, ena Signal, ndipo mapulogalamu amenewa amaphatikiza njira zonse ziwiri mwakachetechete. WhatsApp inamaliza kutseka mauthenga onse kuchokera kwa wotumiza mpaka kwa wolandira mu Epulo 2016, pogwiritsa ntchito ndondomeko ya Signal. Mukangoika pulogalamuyi, foni imapanga makiyi ake, apoyera n'kupita ku seva, achinsinsi n'kutsala m'foni. Mukalembera mlangizi koyamba, foni yanu imatenga makiyi ake apoyera ku seva, imachita masamu aja a Diffie ndi Hellman, n'kupeza chinsinsi chogawana ngakhale foni yake ili yozima chifukwa magetsi kulibe. Meseji yeniyeniyo imatsekedwa ndi AES-256. Fayilo yanu ya malipiro imapatsidwa kiyi wakewake, imakwera ku seva ili yotsekedwa, ndipo kiyi wake amayenda m'kati mwa meseji yotsekedwa kale.

Pali chinthu chimodzi chomwe njirayi imaposa nacho zina ziwiri zija. Kiyi amasintha pa meseji iliyonse, wakale n'kufufutidwa. Pa 7-Zip, pasiwedi ikaululika, mafayilo onse omwe munatseka nayo atseguka. Pa GnuPG, kiyi wachinsinsi wa mlangizi akabedwa pamodzi ndi pasiwedi yomutetezera, zonse zomwe analandira zaka zapitazo zatseguka. Pa ndondomeko ya Signal, munthu amene wakhala akusunga mauthenga otsekedwa odutsa pa waya sangatsegule a chaka chatha ndi kiyi yemwe wapeza lero.

Musaganize kuti pulogalamu iliyonse yochezera ili chonchi. Pa Telegram, macheza wamba ndi a m'magulupu satsekedwa mpaka kwa wolandira. Otero ndi okhawo otchedwa Secret Chat. Ndipo mapulogalamu osinthidwa aja anthu amapatsirana pa foni, onga GBWhatsApp, si a kampani yeniyeni, moti simungadziwe chomwe akuchita ndi uthenga wanu usanatsekedwe.

Vuto la munthu wapakati lilipo kunonso, chifukwa kiyi wapoyera wa mlangizi mwapatsidwa ndi seva. Tsegulani macheza anu, dinani dzina lake pamwamba, kenako Encryption. Muona kachithunzi ka QR ndi manambala 60. Mukakumana ku Mzuzu, wina ajambule kachithunzi ka mnzake ndi foni, zatha. Muli kutali, werengeranani manambalawo. Yatsaninso Security notifications pansi pa Settings ndi Account, kuti foni izikuuzani makiyi a mnzanu akasintha.

Komwe njirayi imatayira chinsinsi ndi kumapeto, osati panjira. Fayilo ikafika, imakhala m'foni ili yotsegula. Foni ija imasiyidwa potchaja pamsika, imapita kokonzetsa, ana amaoneramo makatuni madzulo. Kope la macheza lomwe limasungidwa ku Google Drive kapena ku iCloud silitsekedwa ndi kiyi wanu pokhapokha mutayatsa End-to-end encrypted backup, yomwe inabwera mu 2021. Pansi pa Linked devices mungapeze kompyuta ya muofesi yomwe munalumikiza kalekale ikulandirabe zonse. Komanso kutseka kumabisa zomwe mwanena, koma sikubisa kuti mwalembera ndani ndiponso nthawi yanji. Za gulupu ndiye musachite kufunsa: uthenga ndi wotsekedwa, inde, koma watsekedwera anthu onse a m'gulupumo, kuphatikizapo uja anasiya ntchito mu Juni yemwe palibe anakumbuka kumuchotsa.

Mwina munamvapo kuti makompyuta a mtundu watsopano otchedwa a kwantamu adzathyola zonsezi. Nkhaniyo ikukhudza mbali imodzi kwambiri. Peter Shor anasonyeza mu 1994 kuti makina otere, atakhala aakulu mokwanira, angaphwanye RSA ndi masamu a Diffie ndi Hellman, pomwe AES-256 ingapirire. Signal inawonjezera masamu atsopano olimbana ndi zimenezi mu 2023, ndipo NIST inavomereza ML-KEM, njira yatsopano yopatsirana kiyi yopirira makina otere, mu Ogasiti 2024. Pa fayilo ya malipiro a mwezi uno, foni yopanda loko ndi yoopsa kwambiri kuposa zimenezo.

Ndiye musankhe iti?

Ngati fayilo sikupita kwa munthu wina, mukungofuna kuisunga pa fulashi kapena pa laputopu yomwe mumayenda nayo pa kabaza kupita ku Luwinga, kiyi mmodzi ndi wokwanira ndipo palibe chifukwa chovutikira ndi awiri. Wopatsana naye kiyi palibe, choncho chofooka chake chachikulu chija sichikukukhudzani. Lembani pasiwedi papepala n'kuisunga motsekedwa, kuti tsiku lomwe mwadwala wapampando asasowe pogwira.

GnuPG ndi yoyenera pomwe mukutumizirana mafayilo nthawi ndi nthawi ndi anthu ambiri, kapena ndi munthu yemwe simudzakumana naye, monga wowerengera ndalama wa ku Lilongwe kapena bungwe lakunja lomwe limakuthandizani, makamaka ngati pakufunika umboni wa amene anatumiza. Koma imafuna munthu mmodzi muofesi woimvetsa, wosunga bwino makiyi, apo ayi laputopu ikafa mafayilo onse afera limodzi.

Pa nkhani ya ku Chitipa, ine ndingaphatikize ziwiri zapafupi. Fayilo itsekedwe ndi 7-Zip kapena Excel, ndi pasiwedi yaitali ya mlangizi ameneyo yekha, yomwe munauzana pamaso. Kenako ipite pa WhatsApp kapena Signal, kwa iye mwini osati pagulupu, mutafananitsa kale manambala 60 aja. Wina anganene kuti n'kutseka kawiri pachabe, koma maloko awiriwa akuteteza zosiyana. Wa pulogalamu akuteteza panjira. Wa pasiwedi akuteteza fayilo ikakhala m'foni, mu kope la ku Google Drive, kapena ikatumizidwa molakwika kwa mlamu wake wa dzina lofanana. Ngati pasiwedi ikufunika kusintha musanakumane, iperekeni poimbirana pa pulogalamu yomweyo, pakamwa, osati polemba pansi pa fayilo.

Tsiku lina, mwina lamalipiro lomwe, mudzaona kamzere m'macheza konena kuti security code ya mlangizi yasintha. Nthawi zambiri chifukwa chake n'chosaopsa: wagula foni ina, kapena anafufuta pulogalamu n'kuikanso. Koma kamzere komweko kamaonekanso ngati wina walanda akaunti yake, kaya pomunyengerera kuti atchule manambala 6 aja amabwera pa meseji, kaya potenga simukhadi ina ya nambala yake. Wolandayo mauthenga akale sawapeza pa seva, koma atsopano onse afikira iye, ndipo chithunzi ndi dzina zikhala zomwezo. Mukaona kamzereko, musatumize kanthu, ndipo musafunse m'macheza momwemo kuti "Ndinu nomwe kodi, achimwene?" chifukwa wakuba ayankha kuti eya. Imbani mumve mawu ake. Ngati nambala yake siikupezeka kapena akungoyankha polemba, imbirani wina wa ku ofesi ya ku Chitipa amupatse foni. Mukatsimikiza, werengeranani manambala 60 atsopanowo, ndipo mumuuze ayatse Two-step verification, kuti wofuna kulembetsa nambala yake pa foni ina azifunsidwanso nambala yachinsinsi yomwe simabwera pa meseji. Ngati uthenga woyamba kamzereko katangooneka ukupempha kuti ndalama za mwezi uno zipite ku nambala ina, imitsani malipiro a ku Chitipa kaye mpaka mutayankhula naye.